Kalata yotseguka kwa Anduna atatu: utsi wa sitima zapanyanja ndi mtengo wa thumba la feteleza

Kwa Olemekezeka Anduna Oona za Maulendo ndi Mtengatenga, Olemekezeka Anduna Oona za Chilengedwe, ndi Olemekezeka Anduna a Zaulimi,

Ndikupatsani moni mwaulemu wonse, ndipo ndikupempha kuti mundilole kulankhula nanu poyera, pamaso pa anzanga amene timagwira nawo ntchito yoombola ndi kutumiza katundu muno mu Lusaka, amalonda a ku Kamwala amene amayembekezera makontena awo, ndi alimi a ku Chipata, Katete ndi Petauke amene amayembekezera feteleza mvula isanagwe. Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya utsi umene sitima zikuluzikulu zapanyanja zimatulutsa, njira zinayi zimene eni sitima akusankhapo pofuna kuuchepetsa, ndi funso la amene adzalipire. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, komabe feteleza, dizilo, mankhwala ndi makina zimene timagula kunja zimayamba zakwera sitima zisanafike pa Nakonde, Chirundu, Chanida kapena Kazungula, ndipo mkuwa wathu ukatsika pa lole ku Dar es Salaam, Beira, Durban kapena Walvis Bay umakweranso sitima. Chilichonse chimene chikwezedwa panyanja chimatipeza ife chitawonjezeredwa kale mtengo wa msewu.

Zambia inalowa m'bungwe la IMO, limene limayang'anira za sitima zapanyanja ndipo likulu lake lili ku London, m'chaka cha 2014. Kafukufuku wa bungweli wa 2020 anapeza kuti mu 2018 sitima zinatulutsa matani 1,076 miliyoni a mpweya wotenthetsa dziko, pafupifupi 3 peresenti ya wonse umene anthu amatulutsa. Mu 2023 mayiko anagwirizana kuti utsi wa sitima zoyenda pakati pa mayiko utsike ndi 20 peresenti kapena kuposa pofika 2030, ndi 70 peresenti kapena kuposa pofika 2040 poyerekeza ndi 2008, ndipo utheretu cha m'ma 2050. Mu Epulo 2025 komiti ya bungweli inavomereza malamulo akuti sitima zazikulu zizilipira madola 100 kapena 380 pa tani iliyonse ya mpweya wopitirira malire, koma pamsonkhano wa mu Okutobala 2025, pamene malamulowo amayenera kukhazikitsidwa, mayiko anavota kuti nkhaniyo iyambe yaima kwa chaka chimodzi. Dandaulo langa loyamba ndi lakuti ife amene timakhala pa desiki la mainvoisi tsiku ndi tsiku sitinamve boma lathu likutiuza mbali imene linaima kapena imene likufuna kuima, ndipo sitinafunsidwe maganizo, ngakhale kuti ndife amene tidzayambe kuona ndalamazo zitalembedwa papepala.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti ndalama zolipirira utsi zinayamba kale kutifika. Kuyambira mu Januwale 2024 mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya analowetsa sitima m'msika wawo wa ziphaso za utsi, ndipo pa ulendo wochoka ku doko la ku Ulaya kubwera ku doko la kunja, theka la utsi wa ulendowo limawerengedwa. Makampani a sitima anayamba kuika mzere watsopano pa mainvoisi. Ndaonapo invoisi ya kontena ya makina opopera madzi yochokera ku Ulaya imene inali ndi mzere woterewu, ndipo pamene tinafunsa nthumwi ya kampaniyo kuti ndalamayo anaiwerengera bwanji, pa mafuta angati ndi pa mtengo wanji wa chiphaso, anangotiuza kuti ndi mmene likulu lalamulira. Mwini katunduyo, mayi amene amagulitsa zipangizo za ulimi wothirira, analipira chifukwa kontena ikachedwa kutuluka pa doko imayamba kudya ndalama zina tsiku ndi tsiku. Sindikukana kuti woipitsa mpweya alipire, koma ndikukana kuti wogula wa ku Lusaka azilipira chiwerengero chimene palibe amene angamufotokozere.

Kuti muone chifukwa chake ndikupempha zimene ndipemphe kumapeto, ndiloleni nditenge sitima imodzi yoyerekezera ndi kuiyendetsa m'njira zonse zinayi. Ziwerengero zake ndaziika ndekha, koma zikufanana ndi za sitima zapakatikati zonyamula katundu wosapakira. Tinene kuti yanyamula matani 50,000 a feteleza, ikupita ku Beira, ulendo wake ndi wa mamailosi apanyanja 3,360, ndipo ikamayenda pa liwiro la manoti 14, kutanthauza mamailosi apanyanja 14 pa ola, imatentha matani 30 a mafuta akuda pa tsiku. Ulendowo utenga masiku 10 ndi matani 300 a mafuta. Popeza tani imodzi ya mafuta akudawa imatulutsa matani 3.1 a mpweya wa kaboni, ulendo umodziwu ukusiya matani pafupifupi 930 mumlengalenga.

Njira yoyamba ndi kuchepetsa liwiro, ndipo ndiyo ndikufuna kukhalitsapo chifukwa ndi yokhayo imene dziko ngati lathu lili ndi dzanja lake momwemo. Madzi amakaniza sitima mowirikiza kwambiri liwiro likamakwera, moti mphamvu imene injini ikufunika imakwera ngati liwirolo mutalichulukitsa lokha katatu. Sitima yathu ikatsika kuchoka pa manoti 14 kufika pa 12, mafuta a pa tsiku amatsika kuchoka pa matani 30 kufika pa pafupifupi 19. Ulendo umatalika ndi maola 40, kotero kuti sitingangotenga kusiyana kwa pa tsikuko n'kukondwera nako, koma tikawerengera ulendo wonse mafuta amakwana matani 220 m'malo mwa 300. Matani 80 a mafuta atsala m'thanki, matani pafupifupi 250 a mpweya wa kaboni sanatuluke, ndipo palibe chitsulo chatsopano chimene chagulidwa. Makampani a makontena anachita zimenezi mwaunyinji mafuta atakwera mtengo ndiponso malonda atagwa m'zaka za 2008 ndi 2009, choncho si chinthu chongoganizira.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwatchula. Ngati sitima zonse zikuyenda pang'onopang'ono, pamafunika sitima zambiri kuti katundu yemweyo afike m'chaka, ndipo mbali ina ya phindu imathera pamenepo. Injini yaikulu ikamagwira ntchito mofooka kwambiri kwa nthawi yaitali, mafuta sapsa bwino ndipo mwaye umaunjikana m'njira za utsi, kotero akatswiri a injini amayenera kuisintha kapena kumaithamangitsa mwa apo ndi apo kuti iyere. Mafuta a majenereta opatsa magetsi m'sitima satsika ndi liwiro, amangowonjezeka ndi masiku. Chifukwa cha zimenezi, kutsika kuchoka pa 14 kufika pa 12 kumapindulitsa kwambiri kuposa kutsika kuchoka pa 10 kufika pa 8. Komanso msika ukatentha eni sitima amathamanganso, monga zinachitikira pamene sitima zambiri zinasiya njira ya Nyanja Yofiira kumapeto kwa 2023 n'kuyamba kuzungulira kumwera kwa Afirika, zina zikuwonjezera liwiro kuti zibweze masiku otayika.

Koma chopinga chachikulu sichili mu injini, chili pa doko ndi m'mapangano a malonda. M'mapangano ambiri obwereka sitima, woyendetsa amalamulidwa kupita mosazengereza, ndipo akafika n'kupereka chidziwitso chakuti wakonzeka, nthawi imayamba kuwerengedwa. Masiku ololedwa akatha sitima isanatsitse katundu, wobwereka amayamba kulipira chindapusa cha tsiku ndi tsiku chimene pantchito pathu timachitcha demareji. Madoko ambiri nawonso amalandira sitima potsata amene wayamba kufika. Zotsatira zake n'zakuti sitima imathamanga panyanja, kutentha matani 80 aja, n'kukaponya nangula kunja kwa doko kwa masiku, majenereta akulira, ndere ndi tinkhono zikumera pansi pake m'madzi ofunda, zimene zidzaichedwetse ndi kuidyetsa mafuta ambiri paulendo wotsatira. Aliyense amene anaonapo malole akupikisana mu msewu waukulu wa kumpoto kuti akaime pa mzere wa pa Nakonde akudziwa mchitidwe umenewu. Kumapeto kwa 2023 sitima zambirimbiri zinaima kunja kwa doko la Durban, ndipo ena mwa makontena amene anali mmenemo anali a amalonda a dziko lino. Mankhwala ake ndi odziwika: doko liziuza sitima idakali kutali tsiku ndi ola limene malo okocheza adzapezeke, sitimayo isunge malo ake pa mzere ngakhale isanafike, ndipo mwini sitima ndi wobwereka agawane ndalama za mafuta opulumutsidwa.

Apa ndi pamene Zambia ikulowa. Katundu wathu ndi gawo lalikulu la katundu wodutsa pa madoko a Dar es Salaam ndi Beira, ndipo doko limadzaza osati chifukwa cha makina ake okha, komanso chifukwa katundu wopita kumtunda sakuchoka msanga. Lole ikagona pa malire athu chifukwa cha mapepala, siibwerera ku doko pa nthawi yake, bwalo la doko limadzaza, ndipo sitima yotsatira imadikira kunja. Chimodzimodzi ndi nthawi yogulira feteleza wa ndondomeko ya FISP. Mapangano akasainidwa mochedwa, mvula ya Novembala ili pakhomo, palibe wogulitsa amene angauze sitima yake kuti iyende pa manoti 12, ndipo wina aliyense amalipira mtengo wa changu. Akasainidwa mu Meyi kapena Juni, maola 40 owonjezera sapweteka mlimi aliyense. Olemekezeka Anduna a Zaulimi, utsi wina wa panyanja umayambira pa kalendala ya ofesi yogula zinthu muno mu Lusaka.

Njira yachiwiri ndi gasi wachilengedwe amene amaziziritsidwa kufika pa madigiri 162 pansi pa ziro kuti asanduke madzi. Ndiye amene akulengezedwa kwambiri, ndipo m'chigawo chathu ali ndi omulankhulira ambiri kuyambira pamene Mozambiki inayamba kutumiza gasi kunja kuchokera ku nyanja ya kufupi ndi Cabo Delgado mu Novembala 2022. Ubwino wake ndi weniweni pa zinthu zina: alibe salufa wochuluka, satulutsa mwaye wambiri, ndipo anthu okhala pafupi ndi madoko amapuma bwino. Pa mpweya wotenthetsa dziko nkhani ndi ina. Tani imodzi ya gasiyu imagwira ntchito ya matani 1.2 a mafuta akuda. Gasiyo akapsa amatulutsa matani 2.75 a mpweya wa kaboni, pamene mafuta akudawo akanatulutsa matani 3.7, kotero papepala mwapulumutsa pafupifupi tani imodzi. Vuto n'lakuti gasiyu ndi mpweya wa mitheni, ndipo m'mainjini ena gawo lina limatuluka pa chumuni lisanapse. Mitheni amatenthetsa dziko pafupifupi ka 30 kuposa mpweya wa kaboni tikawerengera zaka 100, ndi kupitirira ka 80 tikawerengera zaka 20. Ngati 3 peresenti yokha yathawa, ndiye kuti makilogalamu 30 pa tani iliyonse, amene akufanana ndi makilogalamu 900 a mpweya wa kaboni, ndipo tani imodzi imene munapulumutsa ija yatsala pang'ono kutheratu, tisanawerengere n'komwe gasi wotayika pa zitsime ndi m'mapaipi.

Mtundu wa injini ndi umene umalamula. Malamulo a ku Ulaya amayerekeza kuti injini zina zolowetsa gasi mosapanikiza kwambiri zimataya 3.1 peresenti, pamene zazikulu zomulowetsa mopanikiza kwambiri zimataya 0.2 peresenti. Bungwe lofufuza la ICCT litayeza utsi wa sitima zikuyenda, linalengeza mu 2024 kuti injini za mtundu woyambawo zimataya pafupifupi 6.4 peresenti, kuwirikiza kawiri chiwerengero cha m'malamulo. Mitheni saoneka ndi maso, ndipo chumuni cha sitima yotere chimaoneka choyera kuposa cha sitima ya mafuta akuda, kotero njira yokhayo yodziwira ndi kuyeza. Popeza sitima imakhala zaka 25 kapena kuposa, imene yamangidwa lero ndi injini yotayayo idzakhala ikuyendabe cha m'ma 2050. Maganizo anga ndi akuti dziko la Zambia lisavomereze lamulo lililonse lopatsa gasiyu mphotho potengera chiwerengero cha papepala.

Njira yachitatu ndi amoniya, ndipo imeneyi ikutikhudza pamimba. Amoniya alibe kaboni m'thupi mwake, kotero akapsa satulutsa mpweya wa kaboni, ndipo amasanduka madzi pa madigiri 33 pansi pa ziro, zimene n'zosavuta poyerekeza ndi gasi uja. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amamuona ngati mafuta a maulendo aatali a m'tsogolo, ndipo inenso sindikutsutsa zimenezo. Koma mphamvu yake pa kilogalamu siifika theka la ya mafuta akuda, thanki yake imafunika kukula pafupifupi katatu, sayaka msanga moti injini imafuna timafuta tina toyatsira, ndipo akapsa molakwika amatulutsa mpweya wa naitirasi okusaidi umene umatenthetsa dziko ka 273 kuposa wa kaboni. Ndi poizoni woopsa kwa munthu: mu 1992 thanki ya amoniya inaphulika pa fakitale ina ku Dakar ndipo anthu oposa 100 anamwalira. Sitima yoyamba kumwetsedwa amoniya ngati mafuta pa doko la Singapore inayesedwa mu 2024, ndipo malangizo oyamba a IMO a chitetezo chake anavomerezedwa kumapeto kwa chaka chomwecho. Ndi ntchito imene ikuyamba kumene.

Tiyeni tibwerere ku sitima yathu ija. Matani 220 a mafuta akuda, a ulendo wa pang'onopang'ono uja, akufanana ndi matani pafupifupi 475 a amoniya. Pafupifupi amoniya yense amene amapangidwa lero amachokera ku gasi wachilengedwe kapena malasha, ndipo fakitale imatulutsa matani awiri kapena kuzungulira pamenepo a mpweya wa kaboni pa tani iliyonse. Sitima yoyendera amoniya wotere ingasiye matani pafupifupi 950 pa fakitale, kuposa matani pafupifupi 690 amene ikanatulutsa ndi mafuta akuda. Phindu limabwera pokhapokha amoniya atapangidwa ndi magetsi a madzi, dzuwa kapena mphepo, ndipo pamafunika mamegawati-ola pafupifupi 10 pa tani. Ulendo umodziwu ungafune mamegawati-ola 4,750, amene ndi magetsi onse a siteshoni ya Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, ikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse kwa maola opitirira 6. Ife amene tinakhala mumdima ku Matero, Chawama ndi Kanyama m'chilala cha 2024, pamene madzi a Kariba anatsika ndipo boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, tikudziwa kulemera kwa maola amenewo.

Ndiye pali feteleza. Gawo lalikulu la amoniya wa padziko lonse limapita ku feteleza, ndipo fakitale yathu ya ku Kafue inamangidwa pa ntchito yomweyo. Tani imodzi ya yureya imafuna makilogalamu pafupifupi 570 a amoniya, kotero matani 475 aja akanapanga matani opitirira 800 a yureya, matumba oposa 16,000 a makilogalamu 50. Tsiku limene makampani a sitima adzayambe kugula amoniya pa msika umodzi ndi mafakitale a feteleza, mlimi wa ku Lundazi adzakhala akupikisana ndi ogula amene thumba lawo silifanana ndi lake. Tinaona mu 2021 ndi 2022 mmene mtengo wa feteleza unakwerera gasi atakwera mtengo. Zingathekenso kuti mafakitale atsopano a amoniya wa magetsi a dzuwa, monga amene Namibia ikukonzekera, adzachulukitse amoniya m'chigawo chathu ndi kutithandiza, koma zimenezo zidzachitika ngati malamulo akakamiza kuti amoniya wa sitima achokere ku mafakitale atsopano, osati kulanda amene alipo kale.

Njira yachinayi ndi mphepo. Amalinyero a m'mphepete mwa nyanja ya kum'mawa kwa Afirika akhala akuyendera mphepo za kasikazi ndi kusi kwa zaka mazanamazana, koma zimene zikuikidwa pa sitima lero ndi matanga olimba ooneka ngati mapiko a ndege oimikidwa, kapena mizati yozungulira imene mphepo ikaiwomba cham'mbali imakankhira sitima kutsogolo, njira imene Anton Flettner anaiyesa m'zaka za m'ma 1920. Sitima ya mafuta yotchedwa Maersk Pelican inaikidwa mizati iwiri yotere ya mamita 30 mu 2018, ndipo patatha chaka inapezeka kuti yapulumutsa 8.2 peresenti ya mafuta. Sitima yonyamula mbewu yotchedwa Pyxis Ocean inaikidwa mapiko awiri a mamita 37.5 mu 2023, ndipo m'miyezi isanu ndi umodzi inapulumutsa pafupifupi matani 3 a mafuta pa tsiku. Mphepo siyendetsa yokha sitima yaikulu ya masiku ano, imasinthasintha ndi njira ndi nyengo, pa sitima za makontena malo oimikapo amasowa, ndipo pa doko mizatiyo imayenera kugonekedwa kapena kusunthidwa kuti makina otsitsa katundu agwire ntchito. Chimene chimandikopa n'chakuti imagwirizana ndi kuchepetsa liwiro. Matani 3 pa matani 30 ndi gawo limodzi mwa magawo 10, koma matani 3 omwewo pa matani 19 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6. Sitima yathu ikanakhala ndi mapiko otere, mphepo n'kukhala yofanana, ulendo ukanatha ndi matani pafupifupi 185, m'malo mwa 300 a poyamba. Ndipo sitima zonyamula feteleza, mbewu ndi miyala ya m'migodi, zimene chuma chathu chimadalira, ndizo zili ndi malo oimikapo.

Onani mmene zikulumikizirana: tani iliyonse ya mafuta imene yapulumutsidwa ndi liwiro kapena mphepo ndi matani awiri a amoniya amene sadzafunika kugulidwa. Amoniya woyera adzakhala wodula kuposa mafuta akuda kwa zaka zambiri, ndipo sitima yofuna matani 400 idzatilipiritsa zochepa kuposa yofuna matani 650.

Pa za msonkho wa utsi, ndikufuna kunena chilungamo ngakhale anzanga ena pantchito sangakondwe nacho. Ngati matani onse 690 a ulendo wa pang'onopang'ono uja atalipiridwa pa madola 100, ndalamayo ndi madola 69,000. Mukaigawa pa matani 50,000 a feteleza ndi dola imodzi ndi masenti 38 pa tani, kapena masenti 7 a dola pa thumba. Ngakhale pa madola 380 ndi masenti pafupifupi 26 pa thumba, ndipo malamulo a mu Epulo 2025 salipiritsa utsi wonse, koma wopitirira malire wokha. Ndalama imeneyi ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya lole yochoka ku Beira kufika ku Lusaka. Choncho sindikupempha kuti Zambia ikane msonkhowu. Dziko limene chimanga chake chinauma m'munda mu 2024 lili ndi chifukwa chokwanira chofunira kuti utsi utsike. Chimene ndikuopa ndi ndalama zowonjezera zimene zidzabisale kumbuyo kwa dzina la msonkhowu, komanso kuti thumba la ndalama limene msonkhowu udzapange lidzagawidwa ife kulibe. Zikalata za IMO zimatchula mobwerezabwereza mayiko a pazilumba zazing'ono ndi mayiko osauka kwambiri, ndipo zimatchula za chakudya, koma vuto la dziko limene katundu wake amayendanso makilomita oposa 1,000 pamtunda atatsika m'sitima liyenera kunenedwa ndi eni akefe.

Chifukwa cha zonsezi, ndikupempha mwaulemu zinthu izi.

1. Boma lifotokozere Nyumba ya Malamulo ndi anthu onse mbali imene Zambia yaima pa malamulo a IMO ochepetsa utsi, amene amatiimira pamisonkhano ya komiti yoona za chilengedwe cha panyanja, ndi pamene dziko lathu lili pa gawo lachisanu ndi chimodzi la pangano la MARPOL loletsa sitima kuipitsa nyanja ndi mpweya, popeza mayiko amene anavomereza gawolo ndiwo amakhazikitsa kusintha kwake.

2. Msonkhano wotsatira usanachitike, muitane oombola katundu, eni malole, oitanitsa feteleza ndi mafuta, makampani a migodi ndi mabungwe a alimi kuti tikambirane, ndipo mugwirizane mawu ndi Malawi, Zimbabwe, Botswana ndi mayiko ena opanda gombe, kuti thumba la ndalama za msonkho lidzakhale ndi gawo lothandiza njanji, madoko ndi malire amene mayikowa amadalira.

3. Pokambirana ndi Tanzania, Mozambiki, Namibia ndi South Africa za njira zathu za katundu, muikemo nkhani yakuti madoko azipatsa sitima nthawi yokocheza idakali panyanja. Kumbali yathu, mapepala a pa Nakonde, Chanida, Mwami ndi Chirundu azitha katundu asanafike pa malire, ndipo katundu wolemera abwerere pa njanji ya TAZARA ndi ya Chipata kupita ku Nacala, kuti madoko asadzaze chifukwa cha ife.

4. Mapangano ogulira feteleza wa boma azisainidwa miyezi ingapo mvula isanayambe, ndipo azilola sitima kuyenda pa liwiro lochepa popanda kutaya malo ake pa doko. Pamene ogulitsa awiri afanana mtengo, wonyamula pa sitima ya giredi yabwino pa muyeso wa utsi wa IMO wa A mpaka E, kapena yothandizidwa ndi mphepo, apatsidwe mwayi woyamba.

5. Nthumwi zathu ziumirire kuti gasi wamadzi aziwerengedwa ndi mitheni woyezedwa pa chumuni ndi wotayika kuchokera pa chitsime, ndi kuti amoniya azilandira mphotho pokhapokha atachokera ku mafakitale atsopano a magetsi osaipitsa mpweya. Pano m'dziko, pasaperekedwe magetsi a Kafue kapena Kariba opangira amoniya wogulitsa kwa sitima pamene makomo ndi zipatala zili mumdima ndiponso feteleza tikuitanitsa kunja.

6. Bungwe la boma loteteza ogula, mogwirizana ndi la COMESA, likakamize kampani iliyonse ya sitima imene ikuika ndalama ya utsi pa invoisi ya katundu wobwera kapena wochoka ku Zambia kuti ionetse mmene yaiwerengera: ulendo wake, mafuta ake, mtengo wa tani ya utsi, ndi gawo la kontena imodzi.

Ndidzayamikira yankho lanu likaperekedwa poyera monga mmene kalatayi yalembedwera, ndipo ine ndi anzanga ndife okonzeka kubweretsa mainvoisi ndi mapepala a maulendo ku msonkhano umene mungaitanitse.

Ine wanu mwaulemu,

Woombola ndi kutumiza katundu,
Lusaka